Tchati cha H4 kapena D1: kusankha koyenera munthu wapantchito wa akaunti yochepa

Pamwamba pa MetaTrader, pulogalamu yochitira malonda a ndalama zakunja otchedwa forekisi, pali mzere wa mabatani olembedwa M1, M5, M15, M30, H1, H4, D1, W1 ndi MN. Batani lililonse likutanthauza kutalika kwa nthawi imene kandulo imodzi, chithunzi choonetsa mmene mtengo wayendera, imatenga kuti ipangike. Pa M5 kandulo imatseka pakatha mphindi 5, pa H4 pakatha maola 4, pa D1 pakatha tsiku lathunthu. Mtengo wake ndi umodzimodzi pamatchati onsewa, chimasiyana ndi mmene waduliridwa. Patsiku limodzi la msika wa forekisi M5 imakupatsani makandulo 288, H1 imakupatsani 24, H4 imakupatsani 6, pamene D1 imakupatsani imodzi yokha.

Munthu amene ali ndi madola 200 mu akaunti, amene amalowa ntchito 7:30 m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, amakokedwa mbali ziwiri. Ntchito ikufuna kuti asankhe tchati chachikulu chifukwa sangakhale akuyang'ana foni tsiku lonse. Akaunti nayo ikuoneka ngati ikufuna tchati chaching'ono, poti pa tchati chachikulu sitopu, mtengo umene tiredi imadzitsekera yokha ikaluza, imakhala patali ndipo ndalama zake sizingapirire. Ambiri amamvera akaunti n'kutsikira pa M5. Kumeneko n'kuthetsa vuto molakwika. Chofunika kuchepetsa ndi loti, kutanthauza kukula kwa tiredi, tchati chikhalebe chachikulu, ndipo masamu ake akuonetsa zimenezi.

Yambani ndi wotchi

Chizindikiro cholowera pamsika chimakhala chodalirika kandulo ikatseka. Kandulo imene ikuyendabe ikhoza kuoneka yobiriwira ndi yamphamvu pakati pa nthawi yake, koma n'kudzatseka yofiira yamchira wautali pamwamba. Choncho musanaganize za tchati chimene chikukusangalatsani, dzifunseni kuti ndi makandulo ati amene amatseka inu muli ndi mpata wokhala pansi mphindi 15 popanda wokusokonezani.

Mabulokala ambiri a MetaTrader, makampani amene mumatsegulako akaunti, amatchera wotchi ya seva yawo kuti tsiku la msika lizitha 5 koloko madzulo ku New York. Malawi sasintha wotchi chaka chonse, koma Amereka amasintha, ndiye nthawi zotsekera makandulo zimasuntha ndi ola limodzi kawiri pachaka. Kuyambira Lamulungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamulungu loyamba la Novembala, kandulo ya D1 imatseka 11 koloko usiku nthawi yakwathu, ndipo za H4 zimatseka 3 koloko mbandakucha, 7 koloko m'mawa, 11 koloko, 3 koloko masana, 7 koloko madzulo ndi 11 koloko usiku. Miyezi yotsalayo zonse zimachedwa ndi ola limodzi: D1 imatseka pakati pa usiku, za H4 zimatseka 4 koloko, 8 koloko ndi 12 koloko, usana ndi usiku momwe. Amene muli ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi ku South Africa nthawi zake ndi zomwezi.

Si mabulokala onse amene amatsata wotchi imeneyi, ndiye tsimikizani wanu. Pakompyuta, zenera la Market Watch limaonetsa nthawi ya seva pamwamba pake. Iyerekezeni ndi ya pafoni yanu. Njira ina n'kungodikira pa H4 n'kuona ola limene kandulo yatsopano yabadwa.

Tsopano ikani ndandanda ya ntchito yanu pambali pa nthawi zimenezi. Mwa makandulo 6 a H4, munthu wathu uja akhoza kuona bwinobwino ya 7 koloko m'mawa asanalowe ntchito, ya 7 koloko madzulo atafika kunyumba, ndi ya 11 koloko usiku ngati sanagone. Ya 11 koloko m'mawa akhoza kuisuzumira pa nthawi ya nkhomaliro itatseka kale ola lapitalo, ndipo pa H4 kuchedwa ndi ola limodzi nthawi zambiri sikuwononga kwambiri. Pa H1, makandulo 9 kapena 10 amatseka iye ali pantchito, ndipo ndi amene amayenda kwambiri. Msika wa London umatsegula 9 koloko m'mawa nthawi yakwathu m'miyezi imene Ulaya wasuntha wotchi, 10 koloko m'miyezi inayo. Wa New York umalowa 2 kapena 3 koloko masana, ndipo misika iwiriyi imayendera limodzi mpaka cha m'ma 6 kapena 7 koloko madzulo. Lipoti la ntchito la ku Amereka, limene kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, limafika 2:30 kapena 3:30 masana. Zonsezi zikuchitika inu muli pa desiki ya abwana.

Ena amati adzachita M5 akaweruka. Vuto lake n'lakuti pofika 8 kapena 9 koloko usiku London anatseka kale, New York akuzirala, ndipo mtengo umangozungulira pamalo ochepa. Munthu wotopa, amene wadikira tsiku lonse kuti apeze mwayi, sakhala maola awiri osalowa. Amalowa chifukwa nthawi yake ndi yokhayo, ngakhale msika usanamupatse chifukwa chilichonse.

Zimene sipuredi imadya

Sipuredi ndi kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, ndipo mumailipira nthawi iliyonse mukalowa pamsika. N'chifukwa chake tiredi imayamba ndi kuluza pang'ono mukangoitsegula. Kukula kwake sikutengera tchati chimene mukuyang'ana. Imayezedwa m'mapipi, ndipo pa EURUSD, mtengo wa yuro m'madola, pipi imodzi ndi kusuntha kwa 0.0001. Ngati ili mapipi 1.5, ili 1.5 pa M5 ndi pa D1 pomwe. Chimene chimasintha ndi mtunda umene mukusaka.

Tiyerekeze kuti pa M5 mwaika sitopu mapipi 6 pansi pa mtengo wa patchati, ndipo mukufuna kutulukira mapipi 6 pamwamba. Mukapambana mumatenga 4.5, popeza 1.5 yapita kale. Mukagwa mumataya 7.5. Kuti mungobweza ndalama zanu popanda phindu, muyenera kupambana maulendo 62 kapena 63 pa 100 alionse. Tengani njira yomweyo pa H4, sitopu ndi potulukira zonse mapipi 40. Mukapambana ndi 38.5, mukagwa ndi 41.5, ndipo maulendo 52 pa 100 akukwanirani. Pa D1 ya mapipi 80 akukwana 51. Kusiyana kwa 52 ndi 63 si kochepa ayi. Wongoyamba kumene amene akuphunzirabe kuwerenga tchati amapambana pafupifupi theka la maulendo, ndipo pa M5 theka limenelo limatanthauza kuti akaunti ikutha tsiku ndi tsiku ngakhale sakulakwitsa chilichonse chachikulu.

Onjezerani kuchuluka kwa matiredi. Wa pa M5 akhoza kulowa maulendo 10 usiku umodzi, n'kulipira mapipi 15 a sipuredi yokha. Wa pa H4 amene amalowa kawiri pa sabata amalipira mapipi 3. Mu 2018, pamene bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya linkaika malire pa malonda amtunduwu, linanena kuti pakati pa 74 ndi 89 pa maakaunti 100 alionse a anthu wamba amaluza. Tchati chachikulu pachokha sichingakuchotseni m'gulu limenelo, koma chimachotsa chimodzi mwa zinthu zimene zimadya ndalama mwakachetechete, n'kukupatsani miyezi yophunzirira m'malo mwa masabata.

Pamene akaunti imakana

Apa ndi pamene pali povuta penipeni, ndipo ambiri amene amalangiza D1 sapatchula. Pa akaunti wamba loti yochepetsetsa ndi 0.01, imene ndi ndalama 1,000 za mtundu umene mukugula. Pa EURUSD, GBPUSD ndi ena amene amathera ndi USD, pipi imodzi pa loti ya 0.01 ndi masenti 10 a dola. Simungatsike kuposa pamenepo.

Lamulo limene ambiri amatsata n'lakuti tiredi imodzi isaike pachiswe kuposa 1 kapena 2 peresenti ya akaunti. Pa madola 200, 1 peresenti ndi madola 2, ndipo madola 2 akugula sitopu ya mapipi 20 basi. Sitopu yoyenera pa H4 ya EURUSD kawirikawiri imagwera m'mapipi 30 mpaka 50, pa D1 m'mapipi 60 mpaka 100, kutengera mmene msika ukuyendera nyengo imeneyo. Mapipi 40 ndi madola 4, kapena 2 peresenti. Mapipi 80 ndi madola 8, kapena 4 peresenti. Pali kawerengedwe kachidule koti muzikumbukira: tengani mapipi a sitopu, chulukitsani ndi 10, mwapeza madola amene akaunti ikufunika kuti loti ya 0.01 ikhale 1 peresenti. Sitopu ya 40 ikufuna madola 400, ya 80 ikufuna 800.

Mwina 4 peresenti ikumveka yochepa. Koma kugwa motsatizana kumachitika kwa aliyense. Ngakhale njira yanu ikupambana theka la nthawi, pa matiredi 100 muyembekezere kuti padzakhala pena pamene mudzagwa maulendo 6 otsatizana, mwinanso kuposa. Pa 1 peresenti akaunti imatsika ndi pafupifupi 6 peresenti, zimene munthu amapirira. Pa 4 peresenti imatsika ndi pafupifupi 22. Pa 10 peresenti, imene ndi sitopu ya mapipi 40 pa loti ya 0.05, theka la akaunti latsala pang'ono kutha. Ndipo munthu akaona zimenezo sakhalanso ndi mtima wotsata malamulo ake.

Anthu akagundana ndi khoma limeneli amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri zolakwika. Choyamba n'kutsikira pa M5 kumene sitopu ya mapipi 8 ikuoneka yokwanira, n'kugwera m'vuto la sipuredi ndi la wotchi. Chachiwiri chimabisala kwambiri: amasanthula pa D1 bwinobwino, koma n'kuika sitopu ya mapipi 20 chifukwa ndi imene angakwanitse. Sitopu yotere ili mkati mwa kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku. Ngati EURUSD ikuyenda mapipi 70 patsiku, mapipi 20 amagundidwa m'mawa womwewo, kenako mtengo n'kupita kumene munkaganiza komweko inu mulibemo. Sitopu iyenera kukhala pamene ganizo lanu latsimikizika kuti linali lolakwika, ndipo malo amenewo amasankhidwa ndi tchati chimene mwalowera. Thumba lanu limangosankha loti.

Livareji, imene imakulolani kutsegula tiredi yoposa ndalama zanu, isakusokonezeni pankhaniyi. Pa 1:500, kutsegula 0.01 ya EURUSD kumangofuna madola awiri ndi kanthu kuti akhale chikole, ndiye pulogalamu ikuloleni kutsegula loti yaikulu kwambiri pa madola 200. Kuloledwako sikukutanthauza kuti akaunti ingapirire. Pipi imodzi pa 0.50 ndi madola 5, livareji ikhale yotani.

Njira yoongoka ndi akaunti ya masenti, imene mabulokala ena amapereka. Madola 200 amaoneka ngati 20,000, ndipo kwa ambiri loti yake ndi yochepa ka 100 poyerekeza ndi ya akaunti wamba. Zikatero loti ya 1.00 pa akaunti ya masenti imafanana ndi 0.01 ya pa akaunti wamba, ndipo pansi pake muli ndi masitepe ena 99 otsikira. Mabulokala amasiyana pa kukula kwa loti ndi loti yochepetsetsa, ndiye musanalowe tsegulani Specification ya EURUSD muone Contract size ndi Minimal volume. Ndalama zake n'zenizeni, mantha ake n'ngenieni, koma tsopano mungathe kuika sitopu ya mapipi 80 n'kuika pachiswe madola 2 okha. Ngati bulokala wanu alibe akaunti yotere, D1 ikudikireni mpaka akaunti itakula, ndipo pa H4 muzingotenga matiredi amene sitopu yake sikupitirira mapipi 40. Ena onse alekeni apite.

Golide, amene achinyamata ambiri amamuthamangira, ndi nkhani ina. Pa XAUUSD loti ya 0.01 kawirikawiri ndi aunsi imodzi, ndipo mtengo ukasuntha dola imodzi inu mwapeza kapena mwataya dola imodzi. Golide amatha kuyenda madola makumi angapo patsiku. Pa akaunti wamba ya madola 200 palibe sitopu ya H4 kapena D1 imene ingakwane mu 2 peresenti.

Kuyeza ndi ATR m'malo mongoganiza

Manambala a mapipi amene tatchulawa amasintha ndi nyengo, choncho muzidziyezera nokha. Ikani chida chotchedwa Average True Range, mwachidule ATR, pa tchati, musiye nambala yake pa 14. Chimakuuzani kuti makandulo 14 apitawa akhala akuyenda mtunda wotani, kuwatenga pakatikati. Ngati pa H4 chikuonetsa 0.0025, ndiye mapipi 25. Sitopu imene ili pafupi kuposa ATR imodzi ya tchati chimene mwalowera imagundidwa kawirikawiri ndi kugwedezeka wamba. Kuyambira ATR imodzi ndi theka kupita m'mwamba, komanso kuseri kwa malo pamene mtengo unabwererapo, ndiye poyambira pabwino.

Chitani zimenezi pa H1, H4 ndi D1 musanasankhe. Tengani ATR ya tchati chilichonse, chulukitsani ndi 1.5, muone kuti ndi madola angati pa loti yanu yochepetsetsa. Tchati chimene chikupitirira 2 peresenti chagwa pa mayeso a ndalama. Chimene makandulo ake ofunika amatseka inu muli pantchito chagwa pa mayeso a wotchi. Kwa munthu wa madola 200 pa akaunti wamba, chimene chimatsala nthawi zambiri ndi H4. Pa akaunti ya masenti zimatsala ziwiri, H4 ndi D1.

Tiredi imodzi kuchokera poyambira mpaka pothera

Mitengo iyi ndi yongoyerekeza, koma ndondomeko yake ndi imene mungatsate. Ndi Lachiwiri la mu Juni, 7 koloko madzulo yangodutsa kumene. Mwatsegula D1 ya EURUSD poyamba, ndipo pamenepa mukufunapo zinthu ziwiri zokha: kumene msika ukulowera ndi malo ofunika. Mukuona kuti kwa masabata angapo nsonga iliyonse yakhala ikuposa yam'mbuyo, ndipo pobwerera mtengo sukutsika kufika pamene unatsikira kale. Msika ukukwera, ndiye mukusaka zogula zokha. Mukuonanso kuti 1.0850 inatchinga mtengo kawiri mwezi wathawu, kenako inabooledwa, ndipo nsonga yaposachedwa ili pa 1.0955. Mwajambula mizere iwiri imeneyi.

Mwatsikira pa H4. Mtengo wakhala ukutsika masiku awiri kuchokera pa nsonga ija, ndipo kandulo imene yangotseka inalowa pansi pa mzere mpaka 1.0838, koma yabwerera n'kutseka pa 1.0868, n'kusiya mchira wautali pansi. Ogula atchinjiriza malo aja. ATR ya H4 ikuonetsa mapipi 25, ndiye sitopu ikufunika pafupifupi mapipi 38 kapena kuposa, komanso ikhale pansi pa mchira. Mwaika oda ya Buy Limit, yodikira kugula mtengo ukatsika, pa 1.0860, Stop Loss pa 1.0820, Take Profit pa 1.0940. Sitopu ili mapipi 40 kuchokera polowera, mapipi 18 pansi pa mchira. Potulukira pali mapipi 80, ndipo mwapaika dala pansi pa 1.0955, chifukwa mtengo umakonda kubwerera usanakhudze nsonga yakale.

Loti imabwera pomaliza, sitopu itadziwika kale:

```
loti = ndalama za pachiswe / (mapipi a sitopu x mtengo wa pipi pa loti 1.00)
akaunti wamba:      2 / (40 x 10)   = 0.005
akaunti ya masenti: 200 / (40 x 10) = 0.50
```

Pa akaunti wamba yankho ndi 0.005, loti imene kulibe. Mukatenga 0.01 mwaika pachiswe madola 4, amene ndi 2 peresenti, pamalire penipeni. Zikatero musatsegulenso tiredi ina pambali pake, makamaka ya GBPUSD, imene kawirikawiri imayendera limodzi ndi EURUSD chifukwa zonse zikutsamira pa dola. Kugula ziwirizi nthawi imodzi kuli pafupi ndi kugula chinthu chimodzi kawiri. Pa akaunti ya masenti 0.50 ikukupatsani madola 2 enieni.

Musanatseke foni, ikani Expiration pa oda ija, mwachitsanzo madzulo a mawa lake. Oda yoiwalika imene ikudzatseguka patatha masiku 4 imalowa mumsika wosiyana ndi umene munausanthula. Onaninso kalendala ya nkhani zachuma. Ngati usiku womwewo banki yaikulu ya ku Amereka ikulengeza za chiwongola dzanja, zimene zimachitika 8 koloko usiku nthawi yakwathu m'miyezi imeneyi, dikirani zidutse. Pa nthawi ngati imeneyo mtengo umalumpha, ndipo sitopu ikhoza kutsekera patali kuposa pamene munaiika.

Mawa lake 7 koloko m'mawa mwayang'ana: oda yatseguka usiku, mtengo uli pa 1.0852, mukuluza mapipi 8. Palibe chochita. Mapipi 8 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kandulo wamba ya H4. Apa ndi pamene ambiri amaonongera tiredi yabwino. Ali pantchito amatsegula M5 kuti angoona, ndipo pa M5 kutsika kwa mapipi 8 kumadzaza sikirini yonse, makandulo ofiira otsatizana. Amatseka ndi mantha, kapena amasuntha sitopu. Tiredi imene yatsegulidwa pa H4 iziyang'aniridwa pa H4, kandulo ikatseka. Ngati mukudziwa kuti dzanja lanu silipirira, chotsani pulogalamuyo pa sikirini yoyamba ya foni nthawi ya ntchito.

Kuchoka apo tiredi ikhoza kutenga masiku awiri kapena anayi. Ikafika pa 1.0940 mwapeza madola 4 pa akaunti ya masenti, kapena 8 pa akaunti wamba. Ikagunda 1.0820 mwataya 2 kapena 4, ndipo mwalemba m'kope zimene munaona ndi chifukwa chimene munalowera. Madola 4 pa masiku atatu sangasinthe moyo wa munthu, ndipo tiyenera kunena zimenezi mosabisa, chifukwa kukhumudwa ndi kuchepa kwa phindu ndi kumene kumabweza anthu ku M5 ndi maloti aakulu. Akaunti ya madola 200 singalowe m'malo mwa malipiro a pamwezi pa tchati chilichonse. Ntchito yake m'chaka choyamba ndi kukuonetsani ngati njira yanu ikupambana pa matiredi 50 kapena 100.

Zimene zimabwera ndi kugoneka tiredi

Tchati chachikulu chili ndi zolipira zakezake. Tiredi ikadutsa nthawi imene tsiku la msika limatha, bulokala amachotsa kapena kuonjezera swapu, imene imachokera pa kusiyana kwa chiwongola dzanja cha ndalama ziwirizo. Pa forekisi, usiku wa Lachitatu swapu imawerengedwa katatu kuti ikwanire masiku a kumapeto kwa sabata. Pa 0.01 ndi masenti ochepa patsiku, ndipo pa tiredi ya masiku atatu sivuta. Pa tiredi ya D1 yokhala masabata atatu imayamba kuoneka, ndiye muziyang'ana Swap long ndi Swap short mu Specification muja.

Chachiwiri ndi chimene chimachitika pa ola lotsekera tsiku, 11 koloko kapena pakati pa usiku. Kwa mphindi zingapo, nthawi zina mpaka ola, ogula ndi ogulitsa amachepa ndipo sipuredi imafutukuka kwambiri. Choncho ngakhale kandulo ya D1 yatseka ndi chizindikiro chabwino, musalowe mphindi yomweyo. Gonani, mudzaike oda m'mawa musanapite kuntchito. Pa D1 simunachedwe, chifukwa usiku wonse msika wa ku Asia nthawi zambiri suyendetsa EURUSD kwambiri. Kufutukuka komweku kumagunda masitopu a amene agulitsa. Tchati cha MetaTrader chimajambulidwa ndi mtengo wa Bid, koma tiredi yogulitsa imatsekedwa ndi mtengo wa Ask, umene uli pamwamba. N'chifukwa chake munthu amadzuka n'kupeza sitopu yagundidwa pamene kandulo sinafikepo n'komwe. Mukagulitsa, onjezerani mapipi angapo pamwamba pa sitopu, ndipo yatsani mzere wa Ask pa tchati kuti muziuona.

Chachitatu ndi Loweruka ndi Lamulungu. Msika umatseka Lachisanu usiku n'kutsegula Lamulungu usiku, ndipo pakachitika nkhani yaikulu pakatipo mtengo umatsegukira patali. Sitopu imatsekera pa mtengo woyamba umene wapezeka, osati umene munalemba. Pa 1 peresenti kulumpha kotere kumapweteka koma sikupha akaunti. Amene ali pa 2 peresenti chifukwa cha loti ya 0.01 angachite bwino kutseka Lachisanu madzulo tiredi imene ili pafupi ndi sitopu.

Pa nkhani ya magetsi ndi netiweki, tchati chachikulu chimakutetezani. Stop Loss, Take Profit ndi maoda odikira amakhala pa seva ya bulokala, ndipo amagwira ntchito ngakhale foni yathima kapena bandulo yatha. Chimene sichikhala pa seva ndi Trailing Stop, sitopu yotsatira mtengo: imayenda pokhapokha pulogalamu ya pakompyuta ili yotsegula ndi yolumikizika, ndipo magetsi akathima sitopu imangoima pamene inafika. Musaidalire mukamapita kuntchito. Wa pa M5 amene amatseka ndi dzanja, netiweki ikaduka mphindi 3 zokha, tiredi yake yatha kale.

H4 kapena D1 yokha

Ngati ntchito yanu ndi yoti simungagwire foni, monga ya m'kalasi, ya m'chipatala kapena yoyendetsa galimoto, kapena mumasinthana mashifiti, tengani D1 yokha pa akaunti ya masenti, W1 ikhale yoonera kumene msika ukulowera. Kuyang'ana kamodzi patsiku, m'mawa, kwakwana. Ngati muli ndi 7 koloko ya m'mawa ndi ya madzulo tsiku lililonse, D1 yoonera njira ndi H4 yolowera ndiye zokuyenerani. Matchati awiri akukwana. Mukaonjezera lachitatu ndi lachinayi, nthawi zonse limodzi limatsutsana ndi anzake, ndipo mumayamba kusankha limene likugwirizana ndi zimene mtima ukufuna.

Choipa chenicheni cha D1 ndi kuchedwa kuphunzira. Chaka chonse chili ndi makandulo pafupifupi 260, ndipo pa EURUSD yokha mukhoza kupeza mwayi wabwino umodzi kapena iwiri pamwezi. Mankhwala ake si kutsika tchati. Onjezerani mitundu iwiri kapena itatu imene siyendera limodzi kwambiri, monga USDJPY pambali pa EURUSD, podziwa kuti mtengo wa pipi pa USDJPY ndi wosiyana. Kenako gwiritsani ntchito Loweruka. Pakompyuta zimitsani Auto Scroll, bwererani zaka ziwiri m'mbuyo, n'kumadina F12, imene imasuntha tchati kandulo imodzi. Pa kandulo iliyonse nenani ngati mukanalowa, lembani polowera, sitopu ndi potulukira musanaone yotsatira. Masana amodzi mukhoza kudutsa chaka chathunthu cha D1 popanda kutaya tambala.

Tchati chimene mwasankha chipatseni matiredi osachepera 30 musanachiweruze, popeza 5 kapena 10 sizinena kanthu. Mukamaona kope lanu, fufuzani zinthu zimene zikuloza ku tchati osati ku luso. Ngati mwayi wambiri munaupeza mtengo utapita kale, makandulo anu akutseka nthawi imene simukhalapo, ndiye kwerani pa tchati chachikulu. Ngati masitopu ambiri anagundidwa kenako mtengo n'kukafika potulukira panu, sitopu ndi yaing'ono pa tchati chimenecho, ndiye ikulitseni n'kuchepetsa loti. Ngati matiredi ambiri munawatseka ndi dzanja masana muli pantchito, werengerani zimene akanachita mukanawasiya mpaka sitopu kapena potulukira, n'kuyerekeza ndi zimene munapezadi. Ngati owasiyawo akanapambana, tchati chilibe vuto, ndipo chosintha ndi nthawi imene mumatsegula foni.